Tsiku Lotsiriza la Aphunzitsi: Ana Awo Akale Anene Chiyani?

Mphunzitsi wa boma m'Malawi sasankha tsiku lake lomaliza kuimirira pabolodi. Lamulo limati wogwira ntchito m'boma akakwanitsa zaka 60 apume, ndipo chimene amayang'ana ndi tsiku lobadwa limene linalembedwa m'failo yake pomwe ankayamba ntchito. N'chifukwa chake tsikuli limatha kugwa pakati penipeni pa teremu, ana a Sitandade 8 ali kalikiliki kukonzekera mayeso, kapenanso mvula ili pachimake, msewu wopita kusukuluko utaduka. Ana akale ambiri amamva mochedwa. Ena amadzamva pamaliro a munthu wina kuti aphunzitsi aja anachoka kale chaka chatha, ndipo m'nyumba ya pasukulu ija mukukhala mnyamata wachilendo wochokera ku koleji.

Amene amva msanga n'kuganiza zokathokoza amakhala achita bwino. Koma akafika, ndi magalimoto ndi makamera, kawirikawiri amalankhula mawu amene akanakwanira mphunzitsi wina aliyense m'dziko muno. Amati munali kholo lathu, munali nyali yathu, popanda inu sitikanafika pamene tilipa. Anthu amaomba m'manja, amayi amaluluta, mwini wake amamwetulira mwaulemu, koma sanamvepo chilichonse chimene sakanachimva pamwambo wa mnzake wa sukulu yoyandikana nayo. Kuthokoza kwenikweni ndi umboni. Wothokoza ayenera kunena chinthu chimodzi chimene munthuyu anachita, chaka chake, malo ake, ndi chimene chinatsatira. Mphunzitsi sadziwa mathero a ana ake ambiri. Amawalandira ali ndi mamina, amawataya ali ndi zaka 14, ndipo nkhani imadukira pompo. Mphatso imene ana akale okha ndi amene angampatse ndiyo mbali yotsala ya nkhaniyo.

Zaka zimene wadutsamo

Kuti mawu akhale ndi mnofu, wolemba ayenera kudziwa nyengo zimene mphunzitsiyo waona. Tiyerekeze mayi wina, sitimutchula dzina, wobadwa mu 1964, amene anamaliza maphunziro a zaka ziwiri kusukulu yosula aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke, m'boma la Dedza, n'kuyamba ntchito mu 1988. Mayiyu akupuma mu 2024 ataphunzitsa zaka 36. Ngati chaka chilichonse ankakhala ndi ana 80 m'kalasi, ndiye kuti pamaso pake padutsa ana 2,880. Kumidzi yambiri 80 ndi chiwerengero chofatsa.

Ana ake oyamba anaphunzira m'nthawi ya Kamuzu, sukulu ya pulayimale ikadali yolipira. Ndalama yake inali yochepa, koma inkakwanira kutsekereza mwana wa mlimi pakhomo, makamaka mtsikana. Mwana wopanda yunifolomu ankabwezedwa. Ngati pali munthu wa zaka za m'ma 40 amene akukumbuka kuti a Madamu anamulipirira fizi teremu ina bambo ake atadwala, kapena kuti anamusokera diresi pamakina awo, umenewo ndi umboni umene mwana wa lero sangaupereke, chifukwa fizi ya pulayimale sanaionepo.

Kenako kunabwera 1994. Boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Makalasi anasefukira, ena anasamukira pansi pa mitengo ya mango, bolodi atalitsamiritsa patsinde. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 amene sanapite ku koleji, n'kuwaphunzitsa kwa masabata ochepa chabe asanawapatse choko. Ambiri anadzamaliza maphunziro awo pambuyo pake kudzera m'ndondomeko ya MIITEP, imene inayamba mu 1997. M'zaka zimenezo munthu ngati mayi wathuyu, amene anali ndi setifiketi kale, ankaphunzitsa ana m'mawa, masana n'kukhala pansi ndi aphunzitsi atsopanowo kuwaonetsa kalembedwe ka sikimu ndi kasungidwe ka kaundula. Choncho pakati pa "ana" ake pali aphunzitsi anzake, ena mwa iwo tsopano ndi mahedi. Pokonza mwambo asaiwalike. Komanso gulu lalikulu lija la 1994 lili m'zaka za m'ma 50, kutanthauza kuti m'zaka zikubwerazi miyambo yotsanzikana ichuluka kwambiri kuposa mmene tinazolowerera.

Ana a 2002 akukumbuka njala, pamene theka la kalasi linkajomba kukasaka chakudya ndipo obwerawo ankagona pamadesiki. A 2020 akukumbuka sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Malichi chifukwa cha mliri wa korona, ndi anzawo amene sanabwererenso zitatsegulidwa. M'badwo uliwonse unaona munthu yemweyo m'mavuto osiyana, ndipo uthenga wolembedwa ndi gulu la chaka chimodzi lokha umaonetsa kachidutswa kochepa ka moyo wake.

Kusonkhanitsa zokumbukira

Ntchito iyambe kukadali miyezi iwiri kapena itatu. Choyamba ndi kufunsa a hedi tsiku lenileni, ndi kuwapempha chilolezo, chifukwa sukulu ili ndi eni ake: a hedi, komiti ya sukulu, mafumu, ndi mlangizi wa m'dera amene aliyense amangomuti a PEA. Mwambo wongotulukira popanda amenewa kudziwa umasiya mphunzitsi wathu m'manyazi, ngati kuti ndi iye wauitanitsa.

Chachiwiri ndi kufunsa funso loyenera. Mukafunsa ana akale kuti a Madamu anali munthu wotani, onse adzayankha chimodzimodzi: anali abwino, anali olimbikira, anali okonda ana. Funso limene limatulutsa zinthu ndi lakuti, ndi tsiku liti limodzi limene ukulikumbuka? Apo munthu amayamba wakhala chete, kenako amanena za tsiku limene anakodza m'kalasi ali Sitandade 2, a Madamu n'kutumiza ana onse panja kukatola zinyalala kuti asaone. Wina amanena za timitengo ndi zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu, kuti kuchotsera kobwereka anakumvetsa tsiku limene a Madamu anamasula mtolo wa timitengo 10 pamaso pake. Wina amakumbuka kuti atasiya sukulu n'kuyamba kuweta ng'ombe, a Madamu anabwera kwawo Loweruka, anakhala pamphasa ndi amalume ake mpaka dzuwa kupendeka, ndipo Lolemba iye anali m'kalasi.

Zoterezi zikasonkhana 30 kapena 40, zimayamba kuonetsa khalidwe limene palibe mmodzi yemwe akanalitchula payekha. Mwina anthu asanu a zaka zosiyana, osadziwana, onse anena za kuyenderedwa kumudzi. Ndiye kuti mutu wa uthenga wapezeka: uyu anali mphunzitsi amene ankalondola mwana wojomba mpaka pakhomo. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe aliyense amawanena, koma apa pali maina a midzi imene munthu anapondamo kuti awakwaniritse. Pa nkhani 40 zija, zolankhula pagulu zisapose zinayi. Zotsalazo zilembedwe m'kope lachikuto cholimba, aliyense ndi dzanja lake ngati n'kotheka, ndi chaka chimene anali m'kalasimo ndi kumene ali tsopano. Mphunzitsi amene wakhala zaka 36 akuchonga makope amazindikira zilembo za ana ake kuposa nkhope zawo, zimene ndevu ndi kunenepa zasintha.

Mmene chiganizo chimasinthira

Tione uthenga umodzi ukukonzedwa. Wolemba woyamba, amene tsopano ndi namwino, walemba kuti: "Amayi athu okondedwa, munali chitsanzo chabwino kwa ife atsikana, ndipo munatilimbikitsa kuti tilimbikire sukulu." Palibe cholakwa m'chiganizochi, koma palibenso a Madamu. Anzake amufunse kuti anakulimbikitsa liti, ndipo anati chiyani. Iye akukumbuka kuti munali mu 1996, ali Sitandade 7, kwawo atayamba kukamba za mwamuna wa ku Joni amene ankafuna kumukwatira. A Madamu anamutenga kukakhala kunyumba kwawo teremu yonse yachitatu, akugona chipinda chimodzi ndi ana awo, ndipo usiku ankamufunsa mafunso a sayansi akusenda mbatata.

Tsopano chiganizo chija chikhoza kukhala chotere: "Amayi, mu 1996 munandisunga m'nyumba mwanu teremu yathunthu pamene sukulu yanga inatsala pang'ono kutha. Munali ndi ana anu anayi ndi malipiro amodzi, koma munandiwerengera pa nsima. Lero ndine namwino, ndipo mwana wanga wamkazi ali Fomu 3." Mawu oti chitsanzo, kulimbikitsa, ndi okondedwa achokamo onse, ndipo palibe amene angawasowe. Chaka chilimo, mtengo umene mphunzitsi analipira ulimo, mathero alimo. Onaninso chimene chasiyidwa dala: nkhani ya mwamuna wa ku Joni. Pamwambopo pakhala abale a mtsikanayo, mwinanso amalume omwe aja atakalamba, ndipo tsiku lothokoza lisasanduke bwalo la milandu.

Kusiya kumeneku n'kofunika kwambiri. Mphunzitsi wabwino wasunga zinsinsi zambiri: mtsikana amene anatenga pathupi n'kubwereranso kusukulu boma litayamba kulola zimenezi mu 1993, mnyamata amene makolo ake onse anamwalira m'zaka zimene Edzi inkakolola anthu, mwana amene ankamwa mankhwala mobisa. Nkhani yotere inenedwe ndi mwini wake yekha, ngati akufuna. Mnzake asaitulutse m'malo mwake poganiza kuti ikometsa mwambo.

Za chikoti ndi dzina lachipongwe

Pafupifupi pamwambo uliwonse wotere pamaimirira bambo wina wovala suti n'kunena mokondwa kuti zikoti zanu zija ndi zimene zinandiongola. Anthu amaseka. Ine kuseka kumeneku sindikukhulupirira kwenikweni. Amene akulankhulayo anapirira chikoti n'kupambana, koma amene chikoti chinawathamangitsa sukulu sanabwere pamwambopo, ndipo palibe akuwalankhulira. Komanso kutsogolo kwakhala ana a lero ndi aphunzitsi achinyamata amene malamulo a sukulu akuwaletsa kumenya mwana. Sikuti tiname kuti a Madamu sankakalipa. Ngati anali aukali, tinene kuti anali aukali, ndipo tinene chimene ukaliwo unkateteza: kuti kope losachongedwa silinkagona m'kalasi mwawo, kuti mwana wochedwa ankafunsidwa kaye chifukwa chake asanapatsidwe chibalo chosesa. Kutamanda ndodo yeniyeniyo ndi kumene kulibe phindu, ndipo aphunzitsi ambiri okalamba sakondwa kukumbutsidwa zimenezo pagulu.

Dzina limene ana ankawatchula kumbali ndi nkhani ina. Mphunzitsi aliyense amalidziwa dzina lake lachipongwe, ngakhale amanamizira kusalidziwa. Ngati linachokera ku mawu amene ankakonda kubwereza, kapena ku njinga yawo yakale, kulitchula kumabweretsa chimwemwe chachikulu kuposa china chilichonse patsikulo. Ngati linachokera ku thupi lawo, kuyenda kwawo kapena chibwibwi, lisiyidwe kumene linali.

Ndani alankhule

Mwambo wa kumudzi uli ndi ndondomeko yake, ndipo anthu a m'tauni asaiphwanye. Pamakhala pemphero, mawu a wapampando wa komiti, a hedi, amfumu, a PEA, magule a ana ndi kwaya. Nthawi yotsalira ana akale imakhala yochepa, dzuwa likuswa mtengo, ana a Sitandade 1 atayamba kale kumenyana. Uthenga wopitirira mphindi 10 umamveka kwa okhala pamipando okha.

Chizolowezi chathu n'chakuti amalankhula ndi amene zinthu zinamuyendera kwambiri: dokotala, loya, phungu. Alankhule ndithu, pakuti mphunzitsi amanyadira anthu otere, ndipo ana a lero ayenera kuona kuti pasukulu yawo yomweyi panatuluka dokotala. Koma pa ana 2,880 aja, amene anafika ku yunivesite ndi ochepa zedi. Ambiri analekezera Sitandade 8, ena sanafikeko n'komwe. Ali m'mudzi momwemo, akulima, akusoka, akupala matabwa, akuyendetsa kabaza. Mayi amene analekeza Sitandade 6 koma amalemba kaundula wa banki m'khonde, amawerenga yekha kalata ya kusikelo ndi malangizo a pabotolo la mankhwala a mbewu, ndi chipatso cha ntchito ya a Madamu mofanana ndi dokotala uja. Ndipotu ndi iye amene wakhala akuwapatsa moni pachigayo zaka zonsezi pamene a m'tauni anali kutali. Akapatsidwa mpata wolankhula, mphunzitsi amamva kuti zaka zake sizikuyezedwa ndi ana khumi okha amene anasankhidwa kupita ku sekondale za boma zogonera komweko.

Kaitanidwe nako kasasinthe. Ngakhale wolankhulayo ali ndi udindo waukulu kuposa aliyense pabwalopo, kwa mayiyu akadali mwana. Amati Amayi, kapena a Madamu, kapena Aphunzitsi, ndipo popereka mphatso amagwada kapena kunjuta, manja awiri. Anthu amaona zimenezi kuposa mmene amamvera mawu.

Mphatso, ndi chimene chikudikira mawa lake

Apa ndi pamene ana akale ambiri amaphonya, chifukwa sadziwa chimene kupuma pantchito kumatanthauza kwa mphunzitsi wa kumudzi. Nyumba imene wakhalamo zaka zonsezi si yake. Ndi ya sukulu, ndipo pali mphunzitsi wina amene akuidikira, mwina akuchita lendi kutali n'kumapalasa njinga m'mawa uliwonse. Malipiro a pamwezi amaima. Aphunzitsi amene akupuma panopa ali m'ndondomeko yakale ya penshoni ya boma, imene imapereka ndalama yaikulu kamodzi, kenako kandalama ka mwezi ndi mwezi. Ndondomeko yatsopano yosonkha, imene inayamba mu 2017, inatenga ogwira ntchito m'boma amene panthawiyo anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo. Vuto lodziwika la ndondomeko yakaleyi ndi kuchedwa: anthu amadikira miyezi yambiri, ena kupitirira chaka, ndalama yaikulu ija isanatuluke. Ndipo ndalama yodikiridwa imafooka ili m'njira. Amene ankadikira yake mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, anapeza kuti malata amene ankawerengera sakukwanirananso ndi denga.

Choncho nthawi yoopsa ndi ya pakati pa malipiro omaliza ndi ndalama zopumira. Wotchi yapakhoma ndi chithunzi cha m'galasi n'zokongola, koma zimafuna khoma. Musanagule kanthu, tumani munthu mmodzi wamkulu, makamaka mphunzitsi mnzake kapena mwana wake woyamba, akafufuze mwakachetechete kuti akupita kuti ndipo kumeneko kuli chiyani. Mwiniwake mukamufunsa adzati chilichonse n'chabwino, chifukwa m'badwo umenewu supempha kwa ana.

Tibwerere kwa mayi wathu uja. Tinene kuti kwawo anamanga nyumba ya njerwa zootcha ya zipinda zitatu, inafika pamtanda, koma ilibe denga. Ana akale 60 avomera kusonkha. Ena angathe zambiri, ena ndi a K2,000, ndipo mndandanda wowerengedwa pagulu usatchule kuti uyu wapereka zingati. Mmisiri akayeza n'kunena kuti pakufunika malata 40, gulu ligule malatawo, misomali ndi mitengo yake, osati kupereka envulopu. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense wokulira kumudzi: ndalama yoperekedwa pamaso pa anthu 500 imakhala ndi eni ake ambiri dzuwa lisanalowe, wina mwana wadwala, wina fizi yasowa, ndipo munthu amene moyo wake wonse wakhala akulipirira ana a eni sadzatha kukana. Malata okhomedwa sabwerekedwa. Amene alibe ndalama koma ndi kalipentala akhome ndi iye, ndipo dzina lake lilembedwe pamodzi ndi a osonkha. Wa lole anyamule katundu tsiku losamuka. Ngati nyumba ilipo kale, matumba a feteleza operekedwa mvula isanagwe, kapena chimanga chofikitsa banja pa kukolola, zimatseka mpata womwewo. Chitenje, mbuzi ndi kufupa kwa pabwalo zikhalepo ndithu, chifukwa popanda zimenezi mwambo sukoma, koma zikhale zokometsera.

Ndalama zosonkha zadanitsa magulu ambiri a ana akale. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira ikhale imodzi, osunga akhale awiri a zaka zosiyana, ndipo malisiti aonetsedwe kwa onse osonkha mwambo usanachitike. Pakhalenso malire pa zodyera. Zimachitika kuti theka la chosonkha lathera pa matenti, zokuzira mawu ndi malaya osindikiza nkhope ya aphunzitsi, mwini nkhopeyo n'kupita kwawo ndi keke.

Pali thandizo lina limene silioneka pachithunzi. Mapepala a penshoni amayenda kuchoka kusukulu, kupita ku ofesi ya maphunziro ya paboma, mpaka ku likulu ku Lilongwe, ndipo panjira akhoza kuima chifukwa cha kalata imodzi yosowa: yolembedwera ntchito, yotsimikizidwa pantchito, yokwezedwa udindo, kapena chifukwa tsiku lobadwa la pachiphaso cha unzika likusiyana ndi la m'failo. Kwa munthu wa zaka 60 wokhala kumudzi wopanda malipiro, ulendo uliwonse wokafunsa za failo umadya ndalama ya chakudya cha sabata. Pa ana 60 aja sipangalephere kukhala mmodzi wokhala ku Lilongwe amene amadziwa kuyenda m'maofesi. Asanabalalike patsikulo, gulu limusankhe pomutchula dzina, ajambulitse makalata onse a a Madamu kuti akhale ndi makope ake, atenge nambala yawo ya ntchito, ndipo apangane kuti azipereka lipoti kwa anzake mwezi uliwonse mpaka ndalama italowa ku banki.